Kalembedwe ka pulopozo ya kafukufuku wa achinyamata a mumpingo ndi masamba a mchezo

Mapulopozo ambiri amene ndawerengapo pa nkhani iyi amayamba mofanana, munthu walemba kuti akufuna kufufuza mmene masamba a mchezo akukhudzira moyo wauzimu wa achinyamata a mtauni, kenako pa njira zake akuti agawa mafomu a mafunso 200 komanso aziwerenga zomwe zikuponyedwa pa peji ya Facebook ya mpingo. Supavaiza akabweza munthu amakhumudwa, koma kunena zoona pulopozo yotere ndi yobweza ndithu. Peji ya mpingo ili ngati khomo lakumaso, pamakhala posita ya msonkhano, layivu ya Lamlungu ndi makomenti a "Ameni" basi. Zenizeni zikuchitika mu gulupu ya WhatsApp ya achinyamata, ya kwaya, ya anthu opembedzera, mmene munthu amatumiza voisi noti 11 koloko usiku akulira kuti mundipempherere, mmene amakangana za yunifomu, mmene wina amachotsedwa chifukwa watumiza kavidiyo ka mlaliki wa mpingo wina. Malo amenewo ndi otseka. Ndiye pulopozo yanu yonse iyenera kuyankha chinthu chimodzi, kuti mukalowa bwanji mmenemo moonekera, anthu akudziwa kuti ndinu ndani, osawapweteka. Zina zonse zimatsatira pamenepo.

Yambani ndi funso, ndipo lichepetseni mpaka likwane mmanja. Mawu oti "akukhudzira" achotseni, chifukwa kuti muonetse kuti foni yasintha chikhulupiriro cha munthu mumafunika kudziwa mmene analili asanakhale nayo, ndipo zimenezo simungazipeze pokhala pa mpingo miyezi ingapo. Kafukufuku wopita kukakhala ndi anthu amayankha bwino mafunso a ndani, motani, liti. Tiyeni titenge funso limodzi tiyende nalo mpaka kumapeto: mu magulupu a WhatsApp a achinyamata a mipingo iwiri ya mumzinda umodzi, ndani amagamula zomwe zingatumizidwe ndi zomwe sizingatumizidwe, ndipo ulamuliro umenewu umagwirizana kapena kuwombana bwanji ndi wa abusa ndi akulu a mpingo? Funso ili ndimalikonda chifukwa likukuuzani kale kokayang'ana. Adimini akhoza kukhala mnyamata wa zaka 23 amene alibe udindo uliwonse mu tchalitchi, koma ndi iye angafufute uthenga wa munthu, kutseka gulupu kuti azilemba maadimini okha, kapena kutulutsa munthu. Pansi pake ikani timafunso tiwiri kapena titatu, monga zomwe achinyamata amatumiza mu gulupu momwe muli abusa ndi zomwe amasungira gulupu ina momwe mulibe, komanso zomwe zimachitika Lamlungu pa nkhani imene inayambira pa foni. Ngati ndinu wa Chisilamu kapena mukufufuza pa mzikiti kamangidwe kake ndi komweka, mungosintha maudindo ndi tsiku lopemphera.

Mukatero fotokozani mawu anu. "Achinyamata" ndi ndani? Bungwe la United Nations powerengera limatenga zaka 15 mpaka 24, pamene mgwirizano wa achinyamata wa African Union wa 2006 umatenga 15 mpaka 35, ndipo mumpingo nthawi zambiri wachinyamata ndi aliyense amene sanakwatire kapena kukwatiwa olo ali ndi zaka 38. Sankhani ndipo nenani chifukwa. Mu chitsanzo chathu titenga 18 mpaka 30. Kuyambira pa 18 kukupulumutsani ku nkhani yopempha chilolezo cha makolo, koma lembaninso kuti mukudziwa kuti mu gulupu mukhoza kukhala ana a zaka 16, ndipo zolemba zawo simuzitenga.

Mipingo iwiriyo musasankhe chifukwa ili pafupi ndi kwanu. Isiyane pa chinthu chimene funso lanu likufunsa. Ife titenga umodzi wakale wokhala ndi makomiti ndi malamulo olembedwa, wina watsopano umene unayambidwa ndi m'busa amene adakalipo ndipo ali ndi timu ya midiya yoponya mapemphero layivu. Ambiri amafuna mipingo isanu kapena isanu ndi umodzi poganiza kuti zikuoneka zamphamvu. Werengani ma Sande. Miyezi 6 ili ndi ma Sande 26, ndipo poti mipingo imapemphera nthawi imodzi, iwiri yokha ikupatsani 13 pa mpingo uliwonse, isanu ikupatsani 5, ndiye anthu adzakhala asanakuzolowereni nkomwe inu mukutsanzika. Nanga mpingo wanu womwe? Zimatheka, kulowa nkosavuta, koma anthu sangakuuzeni momasuka kuti amatopa ndi mauthenga a abusa pamene akudziwa kuti amayi anu ali mu komiti. Mukausankha lembani poyera mu pulopozo kuti ndinu membala, muli ndi udindo wanji, ndipo mudzatani kuti anthu asamaone ngati mwatumidwa.

Gawo la zomwe ena analemba kale lisakhale lalitali, koma likhale logwira ntchito. Heidi Campbell, mu buku lake la 2010, anaonetsa kuti magulu achipembedzo sangolandira kapena kukana zipangizo zatsopano, amakambirana nazo potengera mbiri yawo, zikhulupiriro zawo ndi mmene amaonera ulamuliro, kenako amazikonza kuti ziwayenere. Imeneyo ndi mfundo imene ikugwirizana ndi funso la adimini ndi abusa. Mirca Madianou ndi Daniel Miller mu 2012 anafotokoza kuti munthu akakhala ndi njira zambiri zolumikizirana, kusankha kwake kuti ichi ndinene pa njira iyi, icho pa njira ina, kumakhala ndi tanthauzo. Zimenezo zikuthandizani kufotokoza chifukwa chimene mtsikana amaika vesi pa sitetasi, kavidiyo ka kwaya pa TikTok, koma pempho la pemphero amatumiza kwa mnzake mmodzi yekha. Anthu awiri atatu otere mukawagwiritsa ntchito bwino akuposa mayina 40 ongondandalika. Ndipo musalembe kuti palibe amene anafufuzapo za chipembedzo ndi intaneti, alipo ambiri, makamaka chichokereni 2020 pamene matchalitchi ambiri anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Nenani kampata kenikeni, kuti zambiri zimayang'ana zoonekera poyera monga maulaliki a layivu, inu mukuyang'ana magulupu otseka.

Tsopano pamene pagona nkhani, kalowedwe ndi chilolezo. Apa lembani pang'onopang'ono, tsamba lathunthu olo awiri, chifukwa komiti yoona za chitetezo cha anthu ochita nawo kafukufuku idzayambira pomwepa.

Zilolezo zilipo zitatu ndipo china sichilowa mmalo mwa chinzake. Choyamba ndi cha utsogoleri wa mpingo, kalata yonena kuti mukhoza kumabwera ndi kucheza ndi anthu. Chachiwiri ndi cha maadimini kuti akulowetseni mu gulupu. Chachitatu ndi cha munthu aliyense amene mutenge mawu ake. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi choti abusa akavomera munthu amayesa zatha. Ayi, abusa atsegula chipata chabe, sangavomere mmalo mwa mtsikana amene analemba mu gulupu kuti bambo ake ali mchipatala. Komanso mumpingo kukana chinthu chimene abusa alengeza kutsogolo kumavuta, ndiye lembani kuti abusa sadzadziwa amene wavomera ndi amene wakana, ndipo mndandanda wa anthu ocheza nawo simudzaulandira kuchokera kwa iwo.

Mu chitsanzo chathu zikuyenda chonchi. Mwezi woyamba simulowa mu gulupu iliyonse, mukungobwera ku mapemphero ndi ku misonkhano ya achinyamata, mwaimirira kutsogolo mwadzifotokoza, anthu akuwonani nkhope. Kenako adimini, osati inu, atumiza uthenga mu gulupu wonena kuti ndinu ndani, mukufuna kulowa kwa miyezi ingati, muziona chiyani, ndipo apereka masiku 7 kuti amene sakufuna amuuze kumbali. Anthu akakana ambiri simulowa, basi. Akakana ochepa mulowa koma zawo simulemba. Mukalowa mudzilonjere nokha ndi mawu apafupi, monga "ndine wophunzira, ndikufufuza mmene magulupu a mpingo amayendera, ndikhala muno mpaka mwezi wakuti, sindijambula sikirinishoti ndipo sinditenga mawu a munthu ndisanamufunse, amene sakufuna andilembere". Uthenga umenewu muziubwereza mwezi uliwonse ndipo adimini auike pa malo ofotokozera gulupu, chifukwa anthu amalowa atsopano ndipo nthawi zambiri zakale saziona, akale nawo amaiwala kuti muli momo. Uthengawu uikeni kumapeto kwa pulopozo pamodzi ndi fomu ya chilolezo, owerenga amafuna kuona mawu enieni amene mudzagwiritse ntchito.

Ena amafunsa kuti bwanji osangolowa mwakachetechete, linki imayendayenda kale. Musayese. Anthu aja akulankhula ngati ali pakati pa abale, mumatuluka nkhani za matenda, mimba, ngongole, banja likugwedezeka, ndipo tsiku limene adzatulukire kuti munali kulemba, simudzangotaya kafukufuku, mudzawononganso chikhulupiriro chimene anali nacho pa adimini amene anakusungani. Malangizo a bungwe la Association of Internet Researchers, amene anatuluka mu 2002, 2012 ndi 2019, amatsindika zoganizira zomwe anthu eni ake akuyembekezera pa malo amene akulankhulirapo, osangoti poti ndikutha kuziona ndiye ndi zanga. Atchuleni mu pulopozo.

Njira zosonkhanitsira zinthu zikhale zitatu zolumikizana. Yoyamba ndi kukhala nawo ndi kuona, ku tchalitchi ndi mu gulupu. Ku tchalitchi yang'anani tinthu tating'ono, amene wagwira foni yoponyera layivu waima pati, ulaliki uli mkati ndani akuwerenga Baibulo pa foni ndipo ndani chala chikungoyenda, asha akamuona munthu ali pa foni amatani, zilengezo zikamaperekedwa mlembi akanena kuti "zina tiponya mu gulupu" amene alibe foni yolowa WhatsApp nkhope zawo zikutani. Mu gulupu muzilemba mu kope tsiku lililonse, nthawi yomweyo, mauthenga anali angati, a mtundu wanji, ndani anayambitsa, chinafufutidwa chiyani. Tsiku lililonse ndikunenadi, chifukwa sitetasi imazimiririka pakatha maola 24, ndipo gulupu ikhoza kukhala yotchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90.

Yachiwiri ndi kucheza ndi munthu foni ili mmanja mwake. Brady Robards ndi Siân Lincoln anafotokoza njira iyi mu 2017, munthu amabwerera mmbuyo pa zomwe anaponya kapena kulandira nkumakufotokozerani. Kusiyana kwake ndi intaviyu wamba nkwakukulu. Mukafunsa kuti mumagwiritsa ntchito bwanji foni pa za mpingo, yankho ndi loti "ndimagawana mawu a Mulungu ndi anzanga" ndipo zathera pompo. Koma mukanena kuti tatsegulani WhatsApp mundiwerengere magulupu a mpingo amene mulimo, munthu amayamba kutsitsa ndi chala, iyi ndi ya achinyamata, iyi ya kwaya, iyi ndinaitseka mawu chifukwa amatumiza kwambiri, kenako amaima kaye, kuseka pang'ono, nkunena kuti iyi ndiye ndi yathu yathu, mulibe akuluakulu. Pamenepo ndiye kafukufuku wayamba. Foni isachoke mmanja mwake, inu musaigwire, asankhe yekha chokuonetsani, ndipo musachite zimenezi mu ofesi ya abusa kapena pakhonde la tchalitchi anthu akudutsa.

Ocheza nawo mu chitsanzo chathu ndi 14 pa mpingo uliwonse, maadimini 2, olembalemba 6, ongowerenga kapena amene anatuluka 4, ndi atsogoleri 2, onse pamodzi 28, amuna ndi akazi mosakondera. Anayi aja a chete ndi ovuta kuwapeza koma musawasiye, funso la ulamuliro amaliyankha bwino ndi munthu amene anachotsedwa kapena anatuluka yekha. Komiti ikafunsa kuti bwanji 12 achinyamata pa mpingo, mukhoza kutchula kafukufuku wa Guest, Bunce ndi Johnson wa 2006, amene anapeza kuti pa anthu ofanana mfundo zambiri zinali zitatuluka kale pofika pa intaviyu ya 12. Onjezerani kuti mudzapitiriza ngati zatsopano zikutulukabe.

Yachitatu ndi kadayale ka sabata imodzi, anthu 5 pa mpingo akutumizireni voisi noti ya mphindi ziwiri madzulo alionse kunena zomwe achita pa foni zokhudza mpingo tsikulo. Imagwira zapakati pa sabata zomwe inu simungazione. Apatseni bandulo ya sabatayo ndipo iikeni mu bajeti.

Kasungidwe ka zinthu kali ndi misampha yake. WhatsApp ili ndi Export chat, imene imatulutsa macheza onse a gulupu mu fayilo imodzi, ndipo imakopa chifukwa ndi yachangu, koma fayilo imeneyo imabwera ndi mayina ndi manambala a foni a aliyense, ovomera ndi okana omwe. Lembani kuti simudzaigwiritsa ntchito. Sikirinishoti nayo chimodzimodzi, imakhala mu galare ya foni ndipo mafoni ambiri amaitumiza okha ku malo osungira pa intaneti. Gwiritsani ntchito nambala ina ndi foni yotseka ndi pasiwedi, thimitsani zoti zithunzi zizidzitsitsa zokha, mayina enieni akhale mu fayilo yosiyana ndi zolemba zanu. Kusintha dzina kokha sikukwanira, mukalemba kuti mtsikana woimba kiyibodi ananena zakuti, mpingo wonse umudziwa, ndiye sinthani kapena chotsani udindo. Ndipo positi ya poyera mukaikopera liwu ndi liwu, aliyense akhoza kuisaka nkumupeza mwini wake, ndiye muzifotokoza ndi mawu anu. Lembaninso chimene mudzachite mukaona uthenga woonetsa kuti wina akufuna kudzipweteka kapena mwana akuzunzidwa, mudzauza ndani, ndipo fomu ya chilolezo inene kuti chinsinsi chimathera pamenepo.

Pa kasanthulidwe ambiri amangolemba mzere umodzi wotchula Braun ndi Clarke 2006, amene anafotokoza njira yopezera mitu ikuluikulu mu zomwe anthu anena. Onetsani pang'ono mmene zidzayendere pa funso lanu, mwachitsanzo kuti mudzatenga nkhani iliyonse imene uthenga unafufutidwa kapena munthu anadzudzulidwa, nkuilondola, inayamba bwanji, ndani analowererapo, inafika kwa abusa kapena inathera mu gulupu, adimini akuti chiyani ndipo wodzudzulidwayo akuti chiyani. Nkhani zotere zikakwana khumi kapena kuposa pa mipingo iwiri muli ndi chofananitsa.

Nthawi iwerengeni moona mtima. Kulemba zojambulidwa za ola limodzi kumatenga maola 4 mpaka 6, makamaka achinyamata a mtauni akamasakaniza zilankhulo, ndiye maintaviyu 28 pa maola 5 ndi maola 140, amenewo ndi masabata atatu ndi theka mukugwira maola 40 pa sabata osachita china. Mavoisi noti a kadayale ndi 70, mphindi 140 zina. Ikani miyezi 2 yodikira chilolezo cha komiti musanayambe chilichonse, miyezi 6 ya kumpingo, 3 yosanthula ndi kulemba. Onaninso kalendala ya mpingo, nyengo ya Pasaka, Khirisimasi kapena msonkhano waukulu gulupu imatentha kuposa masiku onse, ndi bwino miyezi yanu ikhale ndi nyengo imodzi yotere ndi ina yabata. Mu bajeti musaiwale mayendedwe apakati pa sabata, data, chojambulira mawu, kusindikiza mafomu, ndi ulendo wobwerera kukawauza zomwe mwapeza.

Kagawo komaliza mu pulopozo ndi ka zomwe zingasokonekere, ndipo owerenga amakakhulupirira kwambiri mukamanena zizindikiro zake. Musanalowe funsani adimini kuti pa tsiku pamabwera mauthenga angati. Mukalowa nkupeza kuti pakutha masabata awiri gulupu yangotsala mavesi ammawa ndi "Ameni", dziwani kuti macheza asamukira kwina, mwina atsegula ina mulibe inu. Musaikakamire, funsani za iyo mu maintaviyu, kusamukako pakokha kukuyankha funso lanu la zomwe anthu amanena pamaso pa ndani. Mukaona kuti anthu asanu otsatizana akuyankha ndi mawu ofanana, onse akuyamikira utsogoleri, onani amene anakulozerani kwa iwo, mwina onse achokera kwa munthu mmodzi, ndiye yambirani pena, monga kwa amene amakhala kumbuyo nkutuluka mapemphero asanathe. Abusa akayamba kukufunsani kuti achinyamata akunena chiyani za ine, yankho likhale limene munalemba kale mu kalata yanu yopempha chilolezo kwa utsogoleri wa mpingo, kuti adzalandira lipoti lopanda mayina kumapeto. Ndipo adimini akasintha, watsopano nkukuchotsani mwezi wachitatu, pulopozo inene kuti zomwe munalemba kale kwa ovomera mudzazisunga, mudzapitiriza ndi maintaviyu a foni mmanja ndi kadayale, ndipo kadayale kaja mudzakachulukitsa kuchoka pa anthu 5 kufika pa 8 pa mpingo umenewo.